Kuika ndolo kapena mkanda pa chithunzi cha munthu: mafunso ndi mayankho

Mayankho ali pansipa ndi a mafunso omwe amabwerabwera kuchokera kwa anthu okonza zithunzi za m'situdiyo, za chinkhoswe ndi zotsatsira malonda a ndolo. Mayina a zida ndi a mu Photoshop, koma Photopea ili ndi pafupifupi zonsezi m'mayina omwewo, ndipo pomwe GIMP ikusiyana kwambiri ndanenapo. Chitsanzo chomwe tiyende nacho n'chimodzi: chithunzi cha mayi wotembenukira pang'ono kumanja kwathu, tsitsi ndi loluka, kuwala kukulowa pawindo lomwe lili kumanzere kwathu, ndipo tikufuna kumuveka ndolo zagolide zolendewera za mamilimita 45 komanso mkanda.

Ndadula ndolo bwinobwino, koma ikuonekabe yomata. Chavuta n'chiyani?

Kudula si kumene kumagwetsa anthu ambiri. Vuto limakhala loti ndoloyo yakhala pamwamba pa chilichonse. Ndolo yeniyeni imalowa m'khutu, mbali ina imabisika kuseri kwa nsagwada kapena tsitsi, imaponya mthunzi pakhosi, nayonso imalandira mthunzi wochokera ku mutu. Ikakhala yokhayokha pa leya yapamwamba, yowala ponseponse, diso la munthu limaikana msangamsanga ngakhale munthuyo sangathe kufotokoza chomwe chalakwika.

Choncho konzani maleya anu motere musanayambe china chilichonse. Pansi penipeni pakhale chithunzi cha munthu. Pamwamba pake mithunzi ya ndolo, kenako ndoloyo, kenako maleya osintha kuwala kwa ndolo, ndipo pamwamba pa zonse kope lina la chithunzi cha munthu lokhala ndi maski yakuda. Kope lapamwambali ndi lomwe mudzabwezeretsere tsitsi ndi khungu pamwamba pa ndolo. Ndoloyo isandutseni Smart Object musanaichepetse, kuti mukasintha maganizo n'kuikulitsanso isasungunuke.

Ndingadziwe bwanji kukula koyenera? Ndimangoyerekeza ndi maso.

Maso amanama, ndipo amanamira mbali imodzi: pafupifupi aliyense amaika ndolo yaikulu kuposa mmene ilili, chifukwa amafuna kuti ntchito yake ioneke. Pachithunzi pali choyezera chomwe chimasiyana pang'ono kwambiri pakati pa akuluakulu. Ndi gawo lakuda la diso, bwalo lija lili pakati pa zoyera. M'mimba mwake ndi pafupifupi mamilimita 12. Muliyeze chopingasa, kuchokera kumanzere kupita kumanja, chifukwa kumwamba kwake kumakhala kotaphimbidwa ndi chikope.

Pachithunzi chathu, tinene kuti mwatenga Ruler Tool n'kupeza kuti bwalolo ndi mapikiselo 96. Mukagawa 96 ndi 12 mupeza 8, kutanthauza kuti milimita imodzi pankhopeyo ndi mapikiselo 8. Ndolo ya mamilimita 45 iyenera kukhala mapikiselo 360 m'litali mwake. Njere imodzi ya mkanda ya mamilimita 8 ndi mapikiselo 64. Basi, masamu ake ndi omwewa. Dinani Ctrl+T, lembani kutalikako m'bokosi la H pamodzi ndi px, ndipo onetsetsani kuti katcheni kolumikiza W ndi H n'kotseka.

Pali kanthu kamodzi kowonjezera. Khutu lili kumbuyo kwa diso ndi masentimita pafupifupi 9, ndiye chilichonse chili pakhutu chimaoneka chaching'ono kusiyana ndi chomwe chili padiso. Ngati wojambula anaima mamita awiri kuchokera pa munthuyo, kusiyanaku n'kochepa: 200 kugawa ndi 209 ndi 0.96, ndipo ndolo yathu itsika kuchoka pa 360 kufika pa 345. Koma ngati n'chithunzi chodzijambula pafoni, dzanja litatambasulidwa masentimita 40, 40 kugawa ndi 49 ndi 0.82, ndipo ndolo yomweyo ikhala pafupifupi mapikiselo 295. N'chifukwa chake ndolo zoikidwa pa zithunzi zodzijambula zimaoneka ngati zobwereka kwa munthu wamkulu thupi.

Mukamaliza, tsimikizani ndi khutu. Khutu la munthu wamkulu limatalika masentimita 6 kapena kuposera pang'ono. Ndolo ya masentimita 4.5 ikatalika kuposa khutu lonse, china chake chasokonekera pa kuyeza kuja.

Nanga ngati maso sakuoneka bwino, kapena munthuyo watembenuka kwambiri?

Mutu ukatembenuka, bwalo la diso limapyapyala ndipo kuyeza chopingasa kumapereka nambala yochepa. Zikatero gwiritsani ntchito kutalika kwa khutu, chifukwa kutembenukira kumbali sikusintha msinkhu wake. Ubwino wina ndi woti khutu lili pamalo enieni pomwe ndolo ikukakhala, choncho masamu a mtunda aja safunikanso.

Mutu wapendekeka. Ndolo nayo ndiipendeketse?

Zimadalira mtundu wa ndolo. Kandolo kakang'ono kothina pakhutu kamatsatira khutu kulikonse komwe lapita. Ndolo yolendewera imatsatira dziko: imaloza pansi nthawi zonse, mutu upendekeke kapena usapendekeke. Apa anthu ambiri amaphonya, chifukwa amazungulitsa ndolo yonse kuti ifanane ndi nkhope.

Idulireni pawiri. Kagawo kolowa m'khutu kakhale pa leya yakeyake, kotembenuzidwa molingana ndi khutu, ndipo gawo lolendewera likhale choimirira. Kuti mudziwe kuti pansi ndi kuti, musakhulupirire m'mphepete mwa chithunzi, poti kamera nayo imapendekeka. Yang'anani mphuthu ya chitseko, ngodya ya khoma, kapena tsitsi loluka lomwe likulendewera lokha. Mutu ukapendekekera kuphewa limodzi, ndolo ya mbali imeneyo imachoka pakhosi n'kulendewera m'malere, pomwe ya mbali inayo imagonera pansagwada kapena pakhosi.

Ndolo yolemera imakokanso khutu. Tsegulani Liquify pa chithunzi cha munthu, kokerani kumunsi kofewa kwa khutu pansi ndi mapikiselo atatu kapena asanu, ndipo jambulani kadontho kakuda pomwe waya ukulowa. Ngati khutulo ndi loboola kale, bowo limenelo ndiye malo ake, musafunenso pena.

Ndili ndi chithunzi cha ndolo imodzi. Ndingaitembenuze n'kuika kukhutu linalo?

Mungathe, koma Flip Horizontal imatembenuzanso kuwala. Ndolo imodzi idzawala kumanzere, inayo kumanja, pamene windo lili kumodzi. Ngati ndoloyo ili yofanana mbali zonse, ingoikoperani osaitembenuza. Ngati iyenera kutembenuzidwa, zimitsani kunyezimira kwakale n'kujambula kwatsopano mbali yoyenera. Kumbukiraninso kuti pachithunzi chathu mayiyu watembenuka, ndiye khutu lakutali likungooneka pang'ono. Ndolo yakumeneko ichepe pang'ono, ipyapyale ngati ndi yophwatalala, ndipo mbali ina ibisike kuseri kwa tsaya. Nthawi zina kamangooneka kansonga kake kokha kunsi kwa nsagwada, ndipo ndi mmene zimakhaliradi.

Ndingadziwe bwanji komwe kuwala kukuchokera?

Kulitsani diso muone kadontho koyera konyezimira. Kakakhala kumtunda chakumanzere, kuwala kukuchokera kumeneko. Mawonekedwe ake amanenanso zambiri: kabokosi kakakulu ndi windo kapena nyali yaikulu ya m'situdiyo, kadontho kakang'ono pakatikati ndi fulashi ya pakamera. Kenako onani mthunzi wa mphuno ndi wa chibwano. Komwe wagwera ndi komwe mthunzi wa ndolo ugwere, ndipo kufewa kwa m'mphepete mwake ndi komwe mutengere. Mthunzi wa chibwano ukakhala wakuthwa ngati wa dzuwa la masana, wa mkanda nawo ukhale wakuthwa.

Drop Shadow siyokwanira?

Ayi, ndipo pa ntchito iyi ndimaiona ngati mdani. Drop Shadow imaganiza kuti kuseri kwa ndolo kuli khoma losalala, lotalikirana mofanana paliponse. Imaponya mthunzi ngakhale pamene kuseri kwa ndolo kulibe kanthu koma mpweya ndi khoma lomwe lili mamita atatu kumbuyo. Mthunzi woyandama m'malere wotere ndi chizindikiro choyamba chomwe wokonza zithunzi mnzanu angakugwireni nacho.

Mithunzi yofunika ndi iwiri, ndipo ipangidwe payokhapayokha. Woyamba ndi wa pamalo pomwe chitsulo chakhudza khungu. Ndi wochepa, wakuda ndithu, ndipo sutalikira: pa chithunzi chathu ndi kamzere ka mapikiselo awiri kapena atatu kunsi kwa kagawo kolowa m'khutu. Mthunzi umenewu ndi womwe umachititsa kuti ndolo ioneke yovala. Ukasowa, ndolo imauluka.

Wachiwiri ndi wogwera patali. Gwirani Ctrl n'kudina kachithunzi ka leya ya ndolo kuti musankhe mawonekedwe ake, pangani leya yatsopano pansi pake, dzazani mtundu, kenako sunthani. Kuti musunthe motalika bwanji, ganizirani mpata womwe ulipo pakati pa ndolo ndi khosi. Ndolo yolendewera imakhala masentimita awiri kapena atatu kuchokera pakhosi. Kuwala kukafika mopendekera madigiri 45, mthunzi umasuntha mtunda wofanana ndi mpatawo, choncho masentimita awiri pachithunzi chathu ndi mapikiselo pafupifupi 160, kulowera kumanja ndi kumunsi. N'kutali kuposa mmene ambiri amaganizira. Ndipo poti kuwala kwake n'kwa pawindo, mthunzi womwe wayenda mtunda wotero umafika utasungunuka kwambiri. Ikani Gaussian Blur ya mapikiselo 25 mpaka 40, Opacity itsike kufika 15 kapena 25. Pomaliza fufutani ndi maski paliponse pomwe mthunziwo wadutsa m'mphepete mwa khosi.

Mthunzi usakhale wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pafupi ndi khutu, pomwe mpata ndi wochepa, ukhale wooneka, ndipo uzizimiririka mukamatsika. Ndolo ya mbali yomwe ili kale mumthunzi wa mutu siponya mthunzi wogwera patali, chifukwa kuwala kwa windo sikuifika n'komwe.

Mthunzi wanga ukuoneka ngati litsiro pakhungu lakuda. Ndichite bwanji?

Mwagwiritsa ntchito mtundu wakuda bii. Mthunzi pakhungu la munthu sukhala wotuwa, umakhala khungu lomwelo litada n'kufiirira pang'ono. Maphunziro ambiri a pa intaneti amaonetsedwa pa khungu loyera, pomwe chakuda cha Opacity yotsika chimapitirira osaonekera. Pa khungu lathu chimapha mtundu, malowo n'kuoneka ngati apakidwa phulusa.

Tengani Eyedropper, tolani mtundu mumthunzi wa chibwano cha munthu yemweyo, ndipo ndi umenewo mudzazire, leya ili pa Multiply. Njira yomwe ndimaikonda kuposa imeneyi ndi ya Curves: pangani leya ya Curves, kokerani pakati pa mzere pansi mpaka khungu lowala lifanane ndi la kunsi kwa chibwano, dinani Ctrl+I pa maski kuti ide, kenako jambulani mthunzi pa maskiyo ndi burashi yoyera ya Flow 5 mpaka 10. Apa simukupaka kanthu pakhungu, mukungolidetsa, ndiye timabowo ta khungu timatsala.

Lamulo lothandiza ndi loti mthunzi wa ndolo usade kuposa mthunzi wa chibwano. Wokhawo wa pokhudzana ndi womwe ungapitirire.

Nanga ndolo yeniyeniyo, kuwala kwake ndikusinthe?

Kwambiri. Zithunzi za ogulitsa zimajambulidwa pamalo oyera, kuwala kukuchokera mbali zonse. Chitsulo chosalala chimaonetsa zomwe zachizungulira, choncho ndolo yojambulidwa choncho imabwera ndi zoyera ponseponse, ngakhale m'mphepete. Ikakhala pakhutu la munthu, mbali yoyang'ana khosi imaonetsa mtundu wa khungu, ndipo ya kumtunda imaonetsa kuda kwa tsitsi.

Pangani leya yatsopano pamwamba pa ndolo, dinani Ctrl+Alt+G kuti igwire ndolo yokha, iikeni pa Multiply, ndipo pakani mtundu wa khungu mbali yoyang'ana khosi. Onjezani Curves yogwira ndolo yokhanso, mutsitse kuwala mpaka malo owala kwambiri a ndolo asapitirire kadontho koyera ka m'diso. Golide nayenso amabweza kuwala pakhungu. Kachikasu kochepa zedi, pa leya ya Soft Light pafupi ndi ndolo, kamalumikiza ziwirizi. Mukakaona musanakafufuze, mwachulutsa.

Tsitsi likudutsa pamalo a ndolo. Ndilibwezeretse bwanji pamwamba?

Apa ndi pomwe kope lapamwamba lija limagwira ntchito. Choyamba sankhani, musanagwire burashi, kuti ndi tsitsi liti lili kutsogolo kwa khutu ndipo ndi liti lili kumbuyo. Lochokera chakutsogolo, pafupi ndi tsaya, liphimba ndolo. Lochokera kuseri kwa khutu limakhala kuseri kwa ndolo. Mukasakaniza, ndolo imaoneka ngati yaboola tsitsi.

Tsitsi loluka ndi losavuta kuposa lina lililonse, chifukwa chingwe chilichonse chili ndi malire ake. Chizungulireni ndi Pen Tool, sandutsani kukhala gawo losankhidwa ndi Feather ya pikiselo imodzi, n'kudzaza zoyera pa maski ya kope lapamwamba. Mukatero musaiwale kuti chingwecho chiyenera kuponya mthunzi pa ndolo. Pakani kamthunzi kofewa pa leya yogwira ndolo ija, m'mphepete mwa chingwe mbali yosiyana ndi windo. Duku lophimba kumtunda kwa khutu limachitidwa chimodzimodzi.

Chovuta ndi timaubweya tating'ono ta m'mbali, tsitsi lachibadwa lofufuma, kapena wigi yomwazika. Ambiri amauzidwa kuti aike kope lapamwamba pa Darken, ndipo zimathandizadi ngati kuseri kwa tsitsi kuli kowala. Koma pakakhala khungu lakuda kuseri kwake, khungulo nalo ndi lakuda kuposa golide, ndiye limatuluka pamodzi ndi tsitsi n'kudya ndolo. Chitani izi m'malo mwake: yambani mwatsegula maski pamalo a ndolo okha kuti muziona zomwe zikusintha, kenako dinani kawiri pa kope lapamwamba kuti mutsegule Layer Style, pitani pa Blend If, ndipo pa mzere wapamwamba kokerani kakatatu koyera kumanzere mpaka khungu lizimirire n'kutsala tsitsi lokha. Gwirani Alt kuti kakatatuko kagawike pawiri, m'mphepete mufewe. 

Tsitsi ndi khungu zikayandikana kwambiri m'kuda kwake, njira imeneyi imakanika. Jambulani nokha. Tengani burashi yolimba ya pikiselo imodzi mpaka atatu, tolani mtundu pa tsitsi lenileni, ndipo lumikizani katsitsi komwe kakulowa mbali imodzi ya ndolo ndi komwe kakutulukira mbali inayo. Tiwiri kapena titatu tokwanira. Chofunika n'choti katsitsi kalikonse kofika pa ndolo kasathere pomwepo popanda chifukwa.

Mkanda ukuoneka ngati wajambulidwa papepala. Ndiupinde bwanji?

Mkanda wa ogulitsa umajambulidwa utagona pathebulo, pamene pathupi umazungulira khosi, n'kukwera mafupa awiri a m'munsi mwa khosi, n'kutsikira pachifuwa. Yambani mwajambula njira yake ndi Pen Tool musanaugwire. Uyambire pomwe khosi likukumana ndi phewa, ukhotere pang'ono pokwera fupa, ndipo malo ake otsikitsitsa akhale kunsi kwa kadzenje ka pakati pa mafupawo. Musayeze ndi chibwano, chifukwa mutu umatembenuka koma mkanda umakhala pachifuwa. Utali wake ukuuzani potsikira: wa masentimita 35 mpaka 40 umakhala m'khosi mwenimweni, wa 45 umafika pamafupa aja kapena kunsi pang'ono, wa 50 mpaka 60 umatsikira pachifuwa.

Tcheni chopyapyala chimapindika bwino ndi Edit > Puppet Warp, mutabaya timisomali m'litali mwake. Mu GIMP chapafupi ndi Cage Transform. Koma mkanda wa njere zikuluzikulu musaupinde choncho, chifukwa njere zozungulira zimaphwanyika n'kukhala zazitali. Dulani njere zitatu kapena zinayi zosiyana, muziike imodziimodzi motsatira njira ija. N'zotopetsa, koma mkanda wa njere 30 sukutherani tsiku. Njere zonse ziwale mbali imodzi, kumanzere pa chithunzi chathu, choncho musazizungulitse potsatira kukhota. Pokwera chakukhosi zizipanikizana n'kuphimbana, poti kumeneko mkanda ukupita kumbuyo, ndipo nsonga zake zilowe kuseri kwa khosi kapena pansi pa tsitsi. Musazisiye zikuthera pakhungu.

Mthunzi wa mkanda ndi wosiyana ndi wa ndolo, chifukwa mkanda wagona pakhungu. Njere ya mapikiselo 64 ili ndi kamthunzi kakuda kunsi kwake ndi kena kofewa kosapitirira msinkhu wa njereyo. Pomwe mkanda ukudumpha kadzenje ka kuseri kwa fupa, mthunzi umatalikira n'kufewa. Ndipo pomwe mkanda walowa mumthunzi wa chibwano, njerezo zide n'kusiya kunyezimira. Ngati pali kolala ya bulauzi, sankhani kamodzi kuti mkanda uli mkati kapena kunja, ndipo zikhale choncho mbali zonse ziwiri.

Zonse zili m'malo, koma ndolo ikuoneka yakuthwa kwambiri.

Wojambula akatsegula lenzi kwambiri, monga 85 mm pa f/1.8, maso amakhala akuthwa koma khutu limakhala litayamba kale kusungunuka. Kulitsani chithunzi kufika 100%, yang'anani m'mphepete mwa khutu, ndipo onjezani Gaussian Blur pa ndolo pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwake mufanane ndi mwa khutu. Kawirikawiri ndi pakati pa pikiselo imodzi ndi atatu. Makasitomala ena amadandaula kuti ndolo yawo siikuoneka bwino, koma ndolo yakuthwa pa khutu losungunuka ndiyo imaulula zonse.

Blur imafufuta timadontho ta kamera, ndiye tibwezeretseni ndi Filter > Noise > Add Noise, pa 1 mpaka 3%, mutasankha Gaussian ndi Monochromatic. Mu GIMP gwiritsani ntchito HSV Noise. Mithunzi yopakidwa ndi burashi nayo imafuna timadontho timeneti.

Ndingadziyese bwanji ndisanatumize?

Tembenuzani chithunzi chonse ndi Flip Canvas Horizontal. Maso omwe azolowera ntchitoyo amaona mwatsopano, ndipo ndolo yopendekeka imaonekera pomwepo. Ikaninso leya ya Black & White pamwamba kwa kanthawi: ndolo ikakhala chinthu chowala kuposa china chilichonse pachithunzi, itsitseni. Kenako chepetsani chithunzi chifike kukula kwa sikirini ya foni, chifukwa ndi momwe ambiri adzachionere, ndipo kukula kolakwika kumaonekera bwino chithunzi chikakhala chaching'ono kusiyana ndi chikakhala chachikulu.

Pali zithunzi zomwe ntchitoyi siyoyenera?

Za pasipoti ndi za chiphaso musazigwire n'komwe. Pa zotsatsa malonda, ndolo ikhale pa kukula kwake kwenikweni, chifukwa wogula akalandira kandolo ka masentimita awiri ataona ya masentimita asanu adzabweza katundu. Palinso zithunzi zomwe zimangokana. Ndolo yozungulira yaikulu yojambulidwa chamaso siingakhale pa munthu woyang'ana kamera mwachindunji, poti pamenepo imayenera kuoneka cham'mbali, yopyapyala, ndipo kuifinya ndi Ctrl+T kumafinyanso kunenepa kwa chitsulo chake. Ngati ndoloyo muli nayo m'manja, ikolekeni pa ulusi pafupi ndi windo, kuwala kuchokere mbali yomwe kukuchokera pachithunzi cha munthu, kuseri muike nsalu ya mtundu woyandikira khungu lake, ndipo muijambule ndi foni mutaima pa ngodya yomweyo.